Theka la ola pakhonde la telala: zolemba za kusinthana Chiyao ndi Chingerezi ku Mangochi

Seputembala, kumayambiriro

Cholinga cha ntchitoyi ndi chimodzi: mvula ikamadzagwa ndizitha kucheza ndi mlimi wachikulire m'munda mwake m'Chiyao, ndimufunse zomwe wabzala, nthawi yomwe anabzala ndi zomwe zikumuvuta, ndipo ndimve yankho lake popanda womasulira. Ndine mlangizi wa ulimi, kwathu ndi ku Dedza. Pano pa boma Chichewa chimakwana paliponse, koma ukawoloka mlatho wa pa Shire n'kukwera ku Namwera kapena kulowera ku Makanjira, amayi achikulire amakuyankha mwachidule m'Chichewa, kenaka nkhani yeniyeni ya munda amakambirana okhaokha m'Chiyao. Nkhani imeneyo ndi imene ndikuifuna.

Ndalama zolipira mphunzitsi ndilibe, choncho ndasankha njira yosinthana: munthu andipatse Chiyao, ine ndimupatse chiyankhulo chomwe akuchifuna, nthawi tigawane pakati. Chichewa sindingagulitse kuno chifukwa aliyense ali nacho kale. Chomwe ndingapereke ndi Chingerezi chomwe ndinaphunzira kusukulu ndi kukoleji, chomwenso ndimalembera malipoti.

Seputembala, kumapeto

Mapulogalamu a pafoni olumikiza ophunzira ziyankhulo ndawayesa. Ofuna Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani ndi ambiri, koma woyankhula Chiyao sindinakumane naye. N'zomveka, eni Chiyao ali pamsika pompano, osati m'foni. Ndiye ndinangouza anthu pakamwa: kuntchito, kutchalitchi, kwa amayi ogulitsa usipa, ndi kwa a kabaza amene amandinyamula. Mawu ake ndinawakonza kuti asamveke ngati ndikulemba ganyu: "Ndikufuna mnzanga wamkazi wodziwa Chiyao bwino, amene iyenso akufuna kuyeserera Chingerezi. Palibe kulipirana, tizingothandizana theka la ola kawiri pa sabata."

Amene anabwera andiphunzitsa kusiyanitsa munthu wabwino ndi mnzako woyenera. Woyamba anali mnzanga wa kuntchito. Chiyao chake n'chakuya, koma Chingerezi amachidziwa kuposa ine, ndiye palibe chomwe ndikanamubwezera. Munthu amene akungokuchitira chifundo amatopa msanga, ndipo iwe umachita manyazi kumukumbutsa. Wachiwiri anali mtsikana wa Folomu 3 wofunitsitsa Chingerezi, koma anakulira pa boma, ndipo nditamufunsa mayina a mbewu anandipatsa a Chichewa, n'kunena kuti akafunsa agogo ake. Wina anafuna kudziwa kuti pamwezi ndizipereka zingati. Sanalakwe, kuphunzitsa ndi ntchito, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tsopano ndisanalonjeze kanthu ndimafunsa zinthu zitatu. Kunyumba kwanu mumayankhula chiyankhulo chanji ndi makolo? Chingerezi mukuchifunira chiyani, ndipo mudzachiyankhula ndi ndani? Ndi nthawi iti pa sabata imene mumakhala pamalo amodzi osasuntha? Funso lachiwiri ndi lomwe limaulula zambiri. Woyankha kuti "ndikungofuna kudziwa" sakhala ndi chomukoka kuti abwere tsiku lotentha. Woyankha ndi dzina la ntchito amabwera.

Okutobala

Ndamupeza. Ndi telala wa makina ake pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, mayi wa msinkhu wanga, wokulira ku Namwera. M'zolemba zino ndizingomutchula Abiti, monga amamuitanira anzake. Sukulu analekezera Folomu 2. Amasokera alendo ogwira ntchito m'mabungwe komanso odzaona nyanja amene amagula zitenje pamsika, ndipo akuti ambiri amamudutsa chifukwa akayamba kufunsa za maonekedwe a diresi iye amangomwetulira n'kuitana mnyamata wa m'sitolo. Akufuna azitha kuyeza kasitomala, kumva zomwe akufuna, kutchula mtengo ndi tsiku lodzatenga. Chosowa chake n'cholemera mofanana ndi changa, ndipo n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti tipitirira.

Tinayamba ndi kukumana kamodzi koyesera, titagwirizana kuti aliyense ali ndi ufulu wonena kuti ayi pambuyo pake popanda kukwiyirana. Kenaka tinapangana zotsatirazi. Tizikumana Lachiwiri ndi Loweruka nthawi ya 4:30 madzulo, iye atabwerako ku swala ya madzulo ndipo dzuwa litapepuka, chifukwa kutentha kwa Okutobala kuno sikulola mutu kugwira kanthu masana. Lachisanu sitikhudza. Malo ndi pakhonde pomwepo, poonekera, makina atavundikiridwa. Wolephera kubwera azitumiza uthenga m'mawa. Pakatha mwezi tizikhala pansi n'kufunsana ngati tipitirize. Ndinamuuzanso poyera kuti Chingerezi changa n'cha ku Malawi kuno, kotero kuti makutu ake adzafunikabe kuzolowera kayankhulidwe ka alendo.

Mwamuna wake ali ku Joni, ndipo iye anafuna kuti apongozi ake adziwe kuti mayi wobwerabwera pakhondeyu ndi ndani. Ndinapita kukawalonjera. Kuno zimenezi si zodumpha.

Novembala, sabata zoyamba

Apa ndi pamene pali nkhani. Mdani wa theka la ola lathu si ulesi kapena manyazi, koma Chichewa. Anthu awiri ochokera maiko osiyana akamasinthana ziyankhulo, amakakamizika kulimbana ndi chiyankhulo chachilendo popeza alibe kothawira. Ife tili ndi chiyankhulo chachitatu chomwe tonse timachiyankhula mosavuta, ndipo chimalowa osagogoda. Ndikakakamira pa mawu amodzi, Abiti amandithandiza m'Chichewa, ine n'kufunsa chifukwa chake m'Chichewa, iye n'kufotokoza, nkhani n'kufika pa mtengo wa feteleza. Timabalalika titaseka, tikumva ngati taphunzira, chikhalirecho tayankhula za Chiyao osati m'Chiyao.

Kuti tione kukula kwa vutoli, ndinapempha chilolezo chake n'kujambula mawu pafoni gawo langa lokha. Usiku ndinamvetsera ndili ndi pensulo, ndikulemba kamzere paliponse pamene Chichewa chalowa. Timizere tinadzaza mzere wa kope n'kusefukira pa wina. Chachiwiri chomwe ndinamva n'chakuti m'gawo lomwe linali langa, woyankhula kwambiri anali Abiti. Zizindikiro ziwirizi ndi zomwe ndikuyezera tsopano ngati kukumana kwapindula: Chichewa chalowa kangati, ndipo wophunzira wayankhula kupitirira theka la nthawi yake kapena ayi.

Choncho mphindi 30 tazidula motere. Mphindi 2 zoyamba ndi za moni m'ziyankhulo zonse ziwiri. Kenaka mphindi 12 za chiyankhulo chimodzi, mphindi 12 za chinacho, ndi mphindi 4 zomaliza zomwe tazipereka kwa Chichewa mwadala. Chichewa sitinachiletse, tachipatsa nyumba yake, ndipo funso lililonse lofuna kufotokozera limadikira kumeneko. Foni imalira pakutha pa gawo, ndipo ikalira timasiya ngakhale chiganizo chili pakati, chifukwa ukalola mphindi imodzi lero, mawa gawo la mnzako latsala theka. Woyamba timasinthana: Lachiwiri Chiyao, Loweruka Chingerezi. Gawo lachiwiri limapeza mitu itatopa ndiponso makasitomala a madzulo atayamba kufika, ndiye si chilungamo kuti lizigwera munthu mmodzi.

Mkati mwa mphindi 12 mwini gawo ndi wophunzira. Ndiye amabwera ndi mutu, ndiye amayendetsa. Mwini chiyankhulo ntchito yake n'kuyankha mwachidule, kufunsa mafunso ndi kudikira. Kudikirako n'kovuta kuposa zonse. Munthu akaona mnzake akuvutika kufuna mawu, pakamwa pamayabwa. Tagwirizana kuti tiziwerenga chamumtima mpaka 5 tisanathandize, ndipo thandizo likhale mawu amodzi m'chiyankhulo chomwecho, kapena kuloza chinthu, kapena kujambula papepala. Aliyense waloweza ziganizo zitatu zodzipulumutsira m'chiyankhulo chomwe akuphunzira: kupempha kuti abwereze, kupempha kuti ayankhule pang'onopang'ono, ndi kufunsa dzina la chinthu. Ziganizozi ndi zomwe zimatseka mpata womwe Chichewa chimalowera.

Novembala, kumapeto

Ndilembe kukumana kwa Lachiwiri mwatsatanetsatane, chifukwa ndi koyamba kuyenda monga tinakonzera.

Usiku wake ndinakonzekera kwa mphindi pafupifupi 10. Mutu unali "munda wa mayi anu". Pakapepala ndinalemba mawu ochepa okha, osati ziganizo: mgunda (munda), imanga (chimanga), mbelemende (nandolo), ndi mawu awiri ofunsira, chichi (chiyani) ndi chakachi (liti). Ukalemba ziganizo zathunthu umangowerenga, ndipo kuwerenga si kucheza.

Titalonjerana, Abiti anakhala mlimi wachikulire, ine mlangizi wofika pamunda. Mphindi 4 zoyamba ndinamufunsa: "Apandile chichi?" Anayankha mbewu zitatu, imodzi sindinaimve, ndinapempha kuti abwereze, ndipo m'malo momasulira anatola kansalu n'kujambulapo mtedza ndi choko chake chosokera. Ndinafunsa liti, anayankha kuti mvula yoyamba itagwa. Mphindi 5 zotsatira ndinafotokoza ineyo zonse zomwe wandiuza, ngati ndikupereka lipoti. Apa tinagwiritsa njira yomwe akatswiri ophunzitsa ziyankhulo amaitchula 4/3/2, imene Paul Nation wa ku New Zealand anaifufuza n'kuitchukitsa: nkhani imodzimodzi umainena katatu, nthawi ikucheperachepera, mphindi 4, kenaka 3, kenaka 2. Mwa njira yeniyeniyo womvera amasintha ulendo uliwonse, koma ife tilipo awiri okha, ndipo Chiyao changa sichingadzaze mphindi 4, ndiye tinachepetsa kukhala mphindi 2, imodzi ndi theka, kenaka imodzi. Ulendo woyamba ndinali kufunafuna mawu. Wachitatu mawu anali pafupi kale, ndipo mutu unapeza mpata wosamala mmene ziganizo zikuthera. Mphindi 3 zotsala zinali zokonza zolakwika.

Pa kukonza tili ndi lamulo. Munthu ali pakati poyankhula sitimudula, pokhapokha ngati tanthauzo latayika kapena wanena chinthu chomwe chingakhumudwitse munthu. Zina zonse womvera amazisunga, ndipo pamapeto amasankha zitatu zokha. Zikapitirira zitatu palibe chomwe chimakhala m'mutu. Cholakwika chilichonse chimakonzedwa potchula chiganizo cholondola, wophunzira n'kubwereza, kenaka n'kupanga chiganizo china chake pa mtundu womwewo.

Zitatu za tsikulo zinali izi. Choyamba ndi ulemu, ndipo pa ichi chokha anandidula pakati. M'Chichewa timalemekeza ndi mu-, monga "muli bwanji, mwabzala chiyani". Lilime la Mchewa limafuna kutengera zomwezo ku Chiyao, koma kumeneko wamkulu umamuyankhula ndi a-, ngati ukunena za munthu wina: "Ali uli? Ajimwiche uli?" Mawu oyamba ndi m- ndi a mnzako kapena wamng'ono. Abiti anagwira dzanja langa n'kunena m'Chichewa, kuswa lamulo lathu dala: "Achemwali, amayi anga mukawayankhule choncho adzangokuyang'anani." Chachiwiri ndi aneni onena zomwe zachitika kale. Ena ndi osavuta, kupanda kumapereka apandile, kulima kumapereka alimile. Koma ena amasintha thupi: kutenda kumapereka atesile, kwimuka kumapereka ajimwiche. Tsopano mneni aliyense watsopano ndimamulemba pawiri, momwe alili ndi momwe amakhalira zikachitika kale. Chachitatu ndi katchulidwe. Pamene Chichewa chili ndi nth, Chiyao kawirikawiri chimafewetsa kukhala nd, monga munthu ndi mundu, ndipo kufewetsa komweku kumagwira mneni ukamanena za iwe mwini: atesile akamanena za wina, ndesile ukamanena za iwe.

Foni italira tinatembenuka. Ine ndinakhala mlendo wobwera ndi chitenje, iye telala, tepi ili pakhosi. Anandiyeza phewa, chifuwa, chiuno ndi utali, akutchula mainchesi m'Chingerezi n'kulemba. Anandifunsa ngati ndikufuna manja aatali kapena aafupi, zipi kumbuyo kapena m'mbali. Zinayenda mpaka pa mtengo. Anatchula K15,000 koma ine ndinamva K50,000, ndipo sindinamuthandize, ndinachita zomwe mlendo angachite, kudabwa n'kuyamba kupinda chitenje changa. M'Chingerezi manambala a 13 mpaka 19 amafanana kwambiri ndi 30 mpaka 90. Kusiyana kwake n'kwakuti 15 ukamutchula payekha mphamvu imagwera kumapeto ndipo amathera ndi n womveka, pamene 50 mphamvu ili koyambirira ndipo mathero ake ndi aafupi. Kwa telala izi zikhoza kuthawitsa kasitomala kapena kuonongetsa nsalu, pakuti mainchesi 14 ndi 40 ali pa msampha womwewo. Tinayeserera awiriawiri, ine ndikulemba nambala yomwe ndamva osati yomwe akufuna kunena. Tinaonjezapo chizolowezi chodzitetezera: akatchula mtengo azibwereza manambala limodzilimodzi, wani faifi, kapena kulemba papepala.

Mphindi 4 za Chichewa tinafunsana zomwe zinatsalira, aliyense anatchula mutu wa ulendo wotsatira, ndipo tinajambulirana pafoni ziganizo zitatu zokonzedwa zija kuti tikamvetsere kunyumba.

Disembala

Mvula yagwa, ntchito ya kumunda yachuluka, ndipo iyenso madiresi a Khirisimasi ndi maukwati amuunjikira. Kukumana kwina kwalephereka. Taona kuti sabata yopanda kanthu imabala inzake, ndiye tikalephera kukumana timatumizirana uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp, aliyense m'chiyankhulo chomwe akuphunzira, winayo n'kuyankha ndi chokonza chimodzi. Sizilowa m'malo mwa kucheza, popeza uthenga umatha kuufufuta n'kuyambiranso, koma chingwe sichiduka.

Makasitomala odukiza tawapezera njira: akabwera timaimitsa wotchi, akapita timapitiriza pomwe tinasiyira. Choonjezera china n'chakuti anthu a pakhonde ayamba kuima n'kumamvetsera, ena kuseka, ena kukonza Chiyao changa onse nthawi imodzi. Ine sizindivuta kwenikweni, koma Abiti anthu akachuluka Chingerezi chimamuthawa. Gawo lake tikuchitira kuseri kwa sitolo pa benchi.

Januwale

Pamene tafika ndi apa. Timizere ta Chichewa m'gawo langa tsopano timakwana pa zala za dzanja limodzi. Kumunda ndikutha kulonjera moyenera, kufunsa mafunso anga ndi kumva mayankho aafupi. Chomwe chikuvutabe ndi yankho lalitali. Mayi wina wachikulire cha ku Katuli nditamufunsa za mbozi m'chimanga chake anayankha kwa nthawi, mwaliwiro, ndipo ndinatolamo mawu apa ndi apo okha. Chifukwa chake ndachiona: Abiti wazolowera kundiyankhula pang'onopang'ono ndi mawu omwe akudziwa kuti ndikuwadziwa. Mnzako mmodzi akakuzolowera amakufewetsera osadziwa, ndipo umayamba kumva iye yekha. Ndamupempha kuti mphindi 3 za gawo langa azifotokoza nkhani mwaliwiro lake lenileni, ngati akuuza mchemwali wake, ine n'kubwereza zomwe ndamva. Ndayambanso kumvetsera nkhani za m'Chiyao pa wailesi ya MBC nditamva kale za m'Chichewa, kuti mutu wa nkhani ndikhale ndikuudziwa.

Pali chinanso chofunika makutu. Chiyao chimasiyanitsa mavawelo aatali ndi aafupi, chinthu chomwe Chichewa sichichita, ndipo Abiti amamva ndikafupikitsa pofunika kutalikitsa ngakhale sangathe kufotokoza lamulo lake. Mwini chiyankhulo amadziwa cholondola, koma si mphunzitsi wa malamulo, ndipo kumufunsa "chifukwa chiyani" kumangotibwezera ku Chichewa. Ndimangopempha zitsanzo zina ziwiri, lamulo ndikalifuna m'mabuku. Wofufuza zolembedwa adziwe kuti kalembedwe katsopano kamagwiritsa c pamene ife timalemba ch, kotero dzina la chiyankhulochi mudzalipeza litalembedwanso kuti Ciyawo.

Kumbali yake, wasokera mlendo wina siketi popanda kuitana mnyamata wa m'sitolo, kuyambira kuyeza mpaka kulandira ndalama. Chomwe chikumusokonezabe ndi timawu ta Chingerezi tosiyanitsa mwamuna ndi mkazi, poti Chiyao ndi Chichewa zonse zimagwiritsa mawu amodzi kwa onse awiri, monga iye m'Chichewa. Kasitomala akamaitanitsira mkazi wake diresi ndi iye mwini shati, miyeso imatha kusinthana. Ndadula zithunzi za anthu m'nyuzipepala zakale kuti azifotokoza zovala za aliyense, mwamuna kenaka mkazi, mosinthanasinthana.

Febuluwale

Takhala pansi monga mwa pangano ndipo tonse tati tipitirize mpaka kukolola. Ramadani ikuyandikira, ndipo madzulo Abiti azikhala akukonza chakudya chofutulira, atatopanso ndi kusala. M'mwezi umenewo tizikumana Loweruka lokha nthawi ya 7:30 m'mawa, asanatsegule makina, ndipo Lachiwiri tizitumizirana mauthenga a mawu.

Mitu yanga yotsatira ndi mbozi, kusunga chimanga ndi mayina a miyezi monga alimi amaitchulira potengera ntchito za kumunda. Yake ndi kukana mwaulemu kasitomala wonenerera mtengo, ndi kupepesa chovala chikachedwa. Ramadani ikatha tikwera limodzi ku Namwera, kumene mayi ake avomera kuti ndikawafunse za munda wawo kwa mphindi 12, Abiti atakhala pambali ndi kope, osathandiza, akungolemba pomwe ndaphonya. Ine ndalankhula ndi mayi wina wachilendo wogwira ntchito pa boma pano, amene ali ndi zitenje ziwiri zosasoka, kuti abwere pakhonde Loweruka lina ngati kasitomala weniweni.